Mtsinje umodzi, mayankho ambiri: n'chifukwa chiyani mapu sagwirizana pa kutalika kwa mtsinje?

Aliyense amene anaphunzirako jogalafe ku sekondale akuikumbukira njira ya ulusi. Umatenga kaulusi kosokera, n'kukanyowetsa pang'ono kuti kasamathawe, kenako umakagoneka pa mzere wabuluu wa mtsinje pa mapu. Chala chimodzi chimapanikiza pamene wafika, china chikukhotetsa ulusiwo kutsata makhona. Ukafika pothera umatsina ndi chikhadabo n'kuuwongola pa rula. Ngati mapuwo ndi a sikelo ya 1:50,000, masentimita awiri alionse akuimira kilomita imodzi, choncho ulusi wa masentimita 9 ndiye kuti makilomita 4.5. Aphunzitsi amalola kuti mayankho asiyaneko pang'ono, poti zala za ana sizifanana.

Koma kusiyana kwenikweni sikuchokera ku zala ayi. Mwana wosamala kuposa onse m'kalasimo mutamupatsa mapu ena a dera lomwelo, a sikelo ya 1:250,000, adzapeza kuti mtsinje uja wafupika, ndipo nthawi zina wafupika kwambiri. Wina akatsegula chithunzi cha setilaiti pa kompyuta n'kuutsata khona ndi khona, mtsinje womwewo utalika kuposa mayankho awiri onse aja. Atatuwa palibe wanama, palibenso wachita mphwayi. Mabuku ambiri amati Shire ndi wotalika makilomita 402 kuchokera pamene watulukira m'nyanja ya Malawi ku Mangochi kukafika pamene wathira mu Zambezi ku Mozambique. Nambalayi ndi yothandiza, koma nayo inatuluka pa mapu ena ake, poyeza ndi njira ina yake. Ikanayezedwa pa mapu ena ikanakhala ina.

Tiyeze kamtsinje kamodzi

Kuti tione bwino mmene zimachitikira, tiyerekeze kamtsinje ka m'chigwa chathyathyathya, konga timene timadutsa m'minda m'madera ambiri kuno kwathu. Tinene kuti m'lifupi mwake ndi mamita 10, ndipo tikufuna kuyeza kuchokera pa mlatho wina kukafika pa mlatho wina, mtunda wa mamita 3,000 ukatambasula chingwe mowongoka. Kamtsinjeka sikawongoka. Kamakhotera kumanzere, kenako kumanja, kenakonso kumanzere, ndipo khona iliyonse ndi theka la bwalo lozungulira lomwe m'mimba mwake ndi mamita 50. Manambalawa sindinangowatola. Akatswiri a mitsinje a ku America, Luna Leopold ndi Gordon Wolman, anaonetsa kuti pa mitsinje yokhotakhota, mtunda wa makhona awiri otsatizana, lakumanzere ndi lakumanja, umakhala kutambalala kwa mtsinjewo kuchulukitsa ka 10 mpaka ka 14. Mtsinje wa mamita 10 m'lifupi umamaliza makhona awiri pa mamita 100 kapena kupitirira pang'ono.

Pa mamita 3,000 aja pali makhona 60. Madzi akamazungulira khona limodzi amayenda mamita 78.5, choncho ulendo wawo wonse ndi mamita 4,712. Imeneyi ndiyo nambala imene tikuisaka. Tsopano titenge kampasi ya m'bokosi la masamu, ija ya nsonga ziwiri, tiikhanyulitse mwendo mofanana nthawi zonse, n'kuiyendetsa pa mtsinje ngati munthu akuponya mapazi, tikuwerenga masitepe.

Tikaikhanyulitsa kuti sitepe iliyonse iimire mamita 100, nsonga imanyamuka pakati pa chigwa n'kukateranso pakati pa chigwa, italumpha makhona awiri athunthu. Masitepe 30, mamita 3,000. Kampasi siinaone khona ngakhale limodzi. Tikachepetsa sitepe kufika pa mamita 50, tikhoza kupezanso mamita 3,000 omwewo, chifukwa ngati tayambira pakamwa pa khona, sitepe iliyonse ikungolumpha kuchoka pakamwa pena kufika pena. Zinthu zimasintha mwadzidzidzi sitepe ikatsika kufika pa mamita 35. Tsopano nsonga ikutera pamutu pa khona lililonse isanabwerere pakati, masitepe akwana 120, ndipo mtsinje wafika pa mamita 4,240. Pa sitepe ya mamita 19 tipeza mamita 4,590. Pa sitepe ya mamita pafupifupi 10, yofanana ndi kutambalala kwa mtsinjewo, tipeza mamita 4,680, ndipo tatsala ndi mamita 30 okha kuti tifike pa yankho lenileni.

Onani mmene manambalawa ayendera: 3,000, kenako 4,240, kenako 4,590, kenako 4,680. Chifukwa chake n'chosavuta. Sitepe iliyonse ya kampasi ndi mzere wowongoka, ndipo mzere wowongoka ndi wachidule kuposa khona limene walidumpha. Ndiye kuti muyezo wa mtundu uwu umaperewera nthawi zonse, ndipo sitepe ikakula kuperewerako kumakulanso. Ukonde wa maso akuluakulu umagwira chambo, usipa n'kumadutsa. Sitepe ya mamita 100 imagwira makhona akuluakulu a chigwa, koma timakhona ta mamita 50 timapulumuka tonse.

Zimene wojambula mapu amataya

Mwina wina anganene kuti vutoli ndi la kampasi, ulusi ulibe sitepe. Zoona, koma ulusi umangotsata zimene zili pa pepala, ndipo wojambula mapu anali atadumpha kale makhona ena inu musanagwire ulusiwo. Pa mapu a 1:50,000, omwe nthambi ya boma yoona zoyeza malo ndi kujambula mapu ili nawo a dziko lonse lino, milimita imodzi ndi mamita 50. Kamtsinje kathu ka mamita 10 kangakhale kamzere ka mamilimita 0.2, kuonda ngati tsitsi lokhuthala, ndipo khona lililonse lingatenge milimita imodzi. Likhoza kujambulika, koma mopanikizika, ndipo nthawi zambiri wojambula amalisalaza kuti mzere uoneke bwino. Ngakhale atalijambula, ulusi wosokera sungakhote bwinobwino m'kati mwa milimita imodzi.

Pa mapu a 1:250,000, milimita imodzi ndi mamita 250. Khona lathu lachepa kufika pa mamilimita 0.2, kutanthauza kuti lamira m'kati mwa inki ya mzere womwewo. Palibe luso limene lingalionetse. Wojambula amangokoka mzere wotsata chigwa, ndipo nthawi zina amaikapo timakhona tiwiri titatu tokulitsidwa dala pofuna kuuza wowerenga kuti mtsinjewu ndi wokhotakhota. Timakhona timeneto ndi chizindikiro chabe, si malo enieni amene madzi amakhotera. Pa mapu a 1:1,000,000, monga opachika pakhoma la kalasi, ulendo wonse wa pakati pa milatho iwiri ija ndi mamilimita atatu.

Kusalaza kumeneku si chinyengo. Mapu amene akanayesa kusunga khona lililonse akanakhala mdima wa inki wosawerengeka. Ine ndimawalemekeza anthu amene anajambula mapu athu akale ndi manja kuchokera ku zithunzi za pa ndege, chifukwa ankadziwa chotaya ndi chosunga. Koma iwo ankajambula kuti munthu apeze njira, adziwe kumene kuli phiri, mudzi ndi powolokera. Sankalonjeza kuti mzere wawo wabuluu ungayezedwe mpaka pa mita.

Munthu amene analiunika vutoli mozama anali Mngelezi wina, Lewis Fry Richardson, katswiri wa zanyengo amene ankadana ndi nkhondo ndipo anathera zaka zambiri akufufuza zimene zimaiyambitsa. Ankafuna kudziwa ngati kutalika kwa malire a mayiko awiri kumakhudzana ndi kumenyana kwawo. Atafufuza m'mabuku anapeza kuti dziko la Spain linkati malire ake ndi Portugal ndi makilomita 987, pomwe Portugal inkati ndi makilomita 1,214. Malire amodzi, koma kusiyana makilomita 227. Mbali yaikulu ya malirewo imatsata mitsinje. Richardson anatenga kampasi n'kuyeza magombe ndi malire osiyanasiyana ndi masitepe osiyanasiyana, monga tachitira pamwambapa, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1961 iye atamwalira kale. Mu 1967 katswiri wa masamu Benoit Mandelbrot anapitiriza nkhaniyi pofunsa kuti gombe la Britain ndi lalitali bwanji. Pa gombe la kumadzulo kwa dzikolo, lomwe ndi la manomano, sitepe ikachepetsedwa ndi theka kutalika kumakwera ndi maperesenti pafupifupi 19. Mukaichepetsanso ndi theka kumakweranso chimodzimodzi, chifukwa m'kati mwa ndomo iliyonse muli tindomo tina, ndipo m'kati mwa timeneto muli miyala.

Anthu ambiri akamva nkhani ya gombe la Britain amathamangira kunena kuti basi, mtsinje nawonso ulibe kutalika kwenikweni. Apa sindigwirizana nawo. Yang'ananinso manambala athu aja. Poyamba analumpha ndi mamita oposa 1,200, kenako ndi 350, kenako ndi 90 okha. Akukhazikika. Chimene timayeza pa mtsinje ndi mzere wa pakati pa madzi, osati gombe lake, ndipo mzere umenewu sungakhote timakhona tochepa kuposa kutambalala kwa madziwo. Gombe likhoza kulowa ndi kutuluka pa muzu uliwonse ndi pomwera ng'ombe paliponse, koma pakati pa mtsinje sipatsata zimenezo. Choncho mtsinje uli nawo malire a kuyeza kwanzeru: sitepe yofanana ndi kutambalala kwake, kapena kuwirikiza kawiri. Kupitirira apo pang'onopang'ono mumayamba kutaya makhona. Kuchepera apo simupindula kanthu, ndipo monga tionere, mukhoza kuyamba kuwonjezera zabodza.

Kompyuta nayo ili ndi sitepe yake

Masiku ano ambiri sayezanso ndi ulusi. Amatsegula pulogalamu ngati QGIS kapena Google Earth, n'kudina, nambala n'kutuluka ili ndi timanambala tambiri kuseri kwa dontho, ngati 3,184.27. Timanambala timeneti timapusitsa. Kompyuta yawerengera molondola ndithu, koma yawerengera mzere umene yapatsidwa. Mtsinje m'kompyuta ndi mndandanda wa madontho olumikizidwa ndi timizere towongoka, ndipo kutalika kwake ndi kuphatikiza timizereto. Ndi kampasi yomwe ija, kungoti masitepe ake ndi osafanana. Ngati amene anajambula mzerewo pa OpenStreetMap anali pachangu, n'kumadina kamodzi pa mamita 100 alionse, yankho lidzakhala 3,000. Ngati anafatsa, n'kumadina kanayi pa khona lililonse, lidzakhala pafupifupi 4,600. Mtsinje umodzi ukhozanso kukhala wojambulidwa ndi anthu angapo, wina wofatsa kumtunda, wina wachangu kumunsi. Palinso mafayilo ambiri ogawidwa pa intaneti amene anachotsedwa madontho dala kuti apepuke, ndipo makhona ang'onoang'ono ndi amene amayamba kupita.

Gwero lina la mizere ya mitsinje ndi zithunzi zogawidwa m'timabokosi. Kabokosi kalikonse, kamene amakatcha pikiselo, kamasunga nambala imodzi yokha yoimira malo onse amene kaphimba. Pa zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2 kabokosi kochepetsetsa ndi mamita 10 mbali zonse, pa za Landsat nthawi zambiri kabokosi ndi mamita 30. Kamtsinje kathu pa Sentinel-2 ndi kabokosi kamodzi m'lifupi, kongooneka movutikira, ndipo mitengo ikaphimba pamwamba sikaonekanso. Pa Landsat kasakanikirana ndi bango ndi madimba a m'mbali mwake.

Ndiye pali njira imene akatswiri a zamadzi amaidalira kwambiri, yosajambula mtsinje ndi dzanja koma kuusiyira kompyuta kuti iupeze yokha poona kukwera ndi kutsika kwa nthaka. Mu Febuluwale 2000 chombo cha m'mlengalenga cha Endeavour chinayeza misinkhu ya nthaka ya mbali yaikulu ya dziko lapansi, ndipo zotsatira zake, zodziwika ndi dzina lakuti SRTM, zimapezeka m'timabokosi ta mamita pafupifupi 90 ndiponso ta mamita 30. Kompyuta imaima pa kabokosi kamodzi, n'kuyang'ana timabokosi 8 toyandikana nako, n'kutumiza madzi kumene kwatsetsereka kwambiri. Ikatero pa dera lonse, mizere imene madzi akusonkhana imatuluka yokha, ndipo imeneyo imatengedwa kuti ndiyo mitsinje.

Njirayi imalakwitsa mbali ziwiri nthawi imodzi. Mbali yoyamba ndi yomwe taiona kale: m'kabokosi ka mamita 90 mumalowa pafupifupi makhona awiri a kamtsinje kathu, choncho onse amasowa. Ngakhale pa mamita 30, makhona awiri amangotenga timabokosi titatu ndi kachidutswa, zosakwana kuonetsa kuzungulira kwake. Mbali yachiwiri ndi yosiyana. Popeza madzi a m'kompyuta ali ndi njira 8 zokha zolowera, mtsinje wowongoka umene walunjika pakati pa njira ziwiri umajambulidwa ngati masitepe a nyumba yosanja. Tinene kuti ukuyenda timabokosi tiwiri chakum'mawa pa kabokosi kamodzi kalikonse chakumpoto. Pa timabokosi ta mamita 30, mtunda weniweni ndi mamita 67. Kompyuta iyenda mamita 30 mowongoka ndi mamita 42.4 mopingasa, pamodzi 72.4, ndiye kuti yawonjezera maperesenti 8. Choncho fayilo imodzi imafupikitsa mtsinje pamene uli wokhota, n'kuutalikitsa pamene uli wowongoka. Nthawi zina zolakwika ziwirizi zimaphimbana, yankho n'kuoneka labwino mwangozi.

Kumapiri, monga ku Mulanje kapena ku Zomba, kumene madzi anakumba zigwa zakuya, mizere ya mtundu uwu imagwera pafupi ndi mtsinje weniweni. M'zigwa zathyathyathya, monga kumunsi kwa Shire kapena m'madambo a Bua, kompyuta imasokera, chifukwa kutsika kwa nthaka n'kochepa kuposa kulakwitsa kwa muyezo wa misinkhuyo, ndiponso chombo chija chinkayeza pamwamba pa mitengo ndi madenga, osati nthaka yeniyeni. Chizindikiro chake n'chosabisika: mizere yowongoka ngati yolembedwa ndi rula, nthawi zina ingapo yoyenda mogundizana. Tsoka lake n'lakuti kumeneko n'kumene mitsinje imakhotakhota kwambiri.

Nanga bwanji osangotenga foni, kuyatsa chida cholondolera malo, n'kuyenda m'mbali mwa mtsinje? Izi zimathandiza, koma samalani. Foni imaphonya ndi mamita angapo pa dontho lililonse, ndipo pansi pa mitengo imaphonya koposa. Ikamalemba dontho pafupipafupi, mzere wake umanjenjemera uku ndi uku ngakhale inu mukuyenda mowongoka. Mukapita patsogolo mamita 4, foni n'kuphonyera kumbali mamita 3, iyo iwerenga mamita 5. Apa sitepe yachepa mopitirira, ndipo mukuyeza kunjenjemera kwa chida, osati kukhota kwa madzi.

Msampha wina, umene wagwetsa ophunzira ambiri, sukhudza makhona konse. Dziko ndi lobulungira, mapu ndi athyathyathya, ndipo njira iliyonse yoyalira dziko pa sikirini imakoka mbali ina. Mapu ambiri a pa intaneti amagwiritsa ntchito njira yolembedwa kuti EPSG:3857, imene imafutukula mitunda mukamatalikira pakati pa dziko. Ku Karonga imawonjezera peresenti imodzi ndi theka, ku Lilongwe maperesenti atatu, ku Nsanje kuposa anayi. Mu QGIS muli njira ziwiri zofunsira kutalika, ndipo sizifanana:

```
$length
length($geometry)
```

Yoyamba imatsata zimene munasankha pa polojekiti yonse, ndipo ngati zinasankhidwa bwino imawerengera kubulungira kwa dziko. Yachiwiri imawerengera mzere monga uliri m'fayilo. Fayiloyo ikakhala ya EPSG:3857, mamita 4,712 a ku Lilongwe asanduka pafupifupi 4,860. Ikakhala ya madigiri, yankho lituluka 0.04, ndipo munthu n'kuyamba kukanda m'mutu. Pano pa Malawi chotetezeka ndi kusandutsa kaye mzerewo kuti ukhale wa EPSG:32736, imene imayeza m'mamita ndipo kulakwitsa kwake m'dziko lino n'kochepa zedi. Kutsetsereka kwa nthaka, kumene ambiri amakudera nkhawa, sikuvuta kwenikweni: mtsinje wotsika mamita 100 pa kilomita imodzi, womwe ndi wa m'phiri ndithu, umangotalika ndi mamita 5 poyerekeza ndi pa mapu.

Uyambira pati, udutsa pati, ndipo chaka chiti?

Ngakhale mutakhala ndi chithunzi chooneka mwala uliwonse, patsala mafunso amene chida sichingayankhe. Mitsinje yambiri ya m'chigawo chapakati imayambira m'madambo, mmene mulibe ngalande yooneka, muli udzu ndi chinyontho basi. Kodi mtsinje wayamba pamene dambo layambira, kapena pamene madzi ayamba kukumba njira? Mapu a 1:50,000 amakwera nawo mzere wabuluu mpaka kumtunda kwa timakhwawa toyenda m'dzinja mokha, pomwe a 1:250,000 amauyambira kumunsi. Choncho sikelo imadula makhona, imadulanso mutu wa mtsinje. Pa kompyuta ndi munthu amene amasankha kuti timabokosi tingati tisonkhanitse madzi kuti pakhale mtsinje, ndipo akasintha nambalayo gwero limasuntha. Shire nayenso ali ndi mafunso ake. Podutsa m'nyanja ya Malombe mzere uyende pati? Kumunsi, m'dambo lalikulu la pakati pa Chikwawa ndi Chiromo, mmene madzi amagawikana m'njira zambiri, titsate iti? Mkangano wakuti wautali ndi uti pakati pa Nile ndi Amazon wagona pa mafunso omwewa. Mabuku ambiri amapatsa Nile makilomita pafupifupi 6,650 ndi Amazon 6,400, koma mu 2007 akatswiri a ku Brazil anati Amazon ndi wa makilomita pafupifupi 6,990, atasankha gwero lina ndi mathiriro ena.

Funso la chaka nalo si laling'ono. Mtsinje wokhotakhota sukhala malo amodzi. Umadya gombe la kunja kwa khona, n'kuunjika mchenga m'kati mwake, mpaka tsiku lina madzi osefukira amadula khosi la khonalo n'kusiya thamanda. Pa kamtsinje kathu, khona limodzi likadulidwa, mamita 78.5 amasanduka 50. Anthu a ku Karonga amazidziwa bwino zimenezi pa Songwe, amene ndi malire a Malawi ndi Tanzania: kumunsi kwake, m'chigwa cha kufupi ndi nyanja, wakhala akusintha njira, minda n'kupezeka tsidya lina. Mapu ojambulidwa zaka makumi angapo zapitazo angakhale kuti anali olondola pa nthawi yawo, koma akunena za mtsinje umene kulibenso.

Pamene kusiyanaku kumaluma

Tibwerere pakati pa milatho iwiri ija. Komiti ya m'mudzi ikufuna kudzala mitengo m'mbali zonse ziwiri za kamtsinjeka, mtengo umodzi pa mamita atatu alionse. Mlangizi akayezera pa mapu a 1:250,000 aitanitsa mbande 2,000. Zofunika zenizeni ndi zoposa 3,100. Ntchito idzathera panjira, gawo limodzi mwa magawo atatu a gombe lili pambalambanda, ndipo anthu adzayamba kuloza zala kuti mbande zabedwa pomwe zinaperewera pa pepala pomwe.

Injiniya naye zimamukhudza. Ngati nthaka yatsika mamita 12 pakati pa milathoyo, wogwiritsa ntchito mamita 3,000 adzati mtsinje ukutsika mamita 4 pa kilomita, pomwe ukutsika mamita awiri ndi theka. Kutsetsereka kumeneku kumalowa m'masamu owerengera liwiro la madzi ndi kuchuluka kwa madzi amene ngalande inganyamule. Madzi oyenda theka la mita pa sekondi angatenge mphindi 100 pa mamita 3,000, koma mphindi 157 pa mamita 4,712. Komabe musaganize kuti nambala yaikulu ndiyo yoyenera nthawi zonse. Mtsinje ukasefukira n'kudzaza chigwa chonse, madzi satsatanso makhona, amadutsa pamwamba pake kulunjika kumunsi. Wochenjeza anthu za madzi osefukira akuyenera kuganizira mamita 3,000 a chigwa, chifukwa madzi adzafika msanga kuposa mmene makhona akunenera. Nambala yoyenera imadalira ntchito imene mukuifunira.

Akatswiri amagawa kutalika kwa mtsinje ndi kutalika kwa chigwa kuti apeze kukhotakhota kwake, ndipo yankho likapitirira 1.5 amauika m'gulu la mitsinje yokhotakhota. Kamtsinje kathu kali pa 1.57. Pa mapu osalazidwa kangapezeke pa 1.0, ngati ngalande yokumba ndi makina. Nchifukwa chake kuyerekeza mitsinje iwiri yoyezedwa pa mapu osiyana n'kutaya nthawi: mungathe kulemba lipoti lakuti mtsinje wakhotakhota kwambiri kuyambira 1970, pomwe chasintha ndi chithunzi chimene mwayezerapo.

Njira yodziwira ngati muyezo wanu ungadaliridwe si yovuta, ndipo siifuna chida chodula. Choyamba yalani mzere wanu pamwamba pa chithunzi chooneka bwino chaposachedwa, muone ngati ukukhala m'madzi kapena ukudutsa m'minda ya anthu. Kenako gawani kutalika kwa mzerewo ndi chiwerengero cha madontho ake kuti mudziwe sitepe yanu, muiyerekeze ndi kutambalala kwa mtsinje. Ngati sitepe ikuposa kutambalalako kasanu kapena kakhumi, makhona akuthawani. Pomaliza yezani chigawo chimodzi kawiri, kachiwiriko ndi madontho owirikiza. Yankho likakwera ndi peresenti imodzi kapena ziwiri, mwafika. Likalumpha ndi maperesenti 10 kapena 20, mudakali kutali, onjezerani madontho. Ndipo polemba, dulani timanambala ta kuseri kwa dontho. Makilomita 4.7 ndi yankho loona mtima kuposa mamita 4,683.52.

Inu a m'makomiti a chitukuko, alangizi, aphunzitsi ndi atolankhani anzanga, wina akakubweretserani pepala lonena kuti mtsinje wakutiwakuti ndi wotalika makilomita akutiakuti, ndipo pa nambalayo pagona ndalama, mbande kapena chitetezo cha anthu, musasaine msanga. Mufunseni kuti wayezera pa mapu a sikelo yanji kapena pa chithunzi cha chaka chiti, wayambira pati, ndipo wathera pati. Akayankha, mayankhowo alembedwe pa pepala lomwelo, pafupi ndi nambalayo.